Njira yopambanira masewera a Nim

Nim ndi masewera a anthu awiri omwe amasinthana kutenga miyala, timitengo ta machesi kapena tinthu tina pa milu ingapo. Njira yopambanira masewerawa imadziwika yonse. Wosewera amalemba chiwerengero cha mulu uliwonse m'manambala a bainale, n'kuphatikiza madijiti a danga lililonse popanda kusamutsira kanthu ku danga lina. Yankho likakhala 0, milu ili pa mkhalidwe wotetezeka, ndipo amene wausiya mkhalidwewo adzapambana ngati salakwitsa kutsogoloko. Yankho likakhala nambala ina, amene akuyenera kusewera ali ndi njira yofikitsira milu pa 0. Njirayi inafalitsidwa mu 1901 ndi Charles L. Bouton, katswiri wa masamu wa pa yunivesite ya Harvard ku United States.

Malamulo a masewera

Miyala imaunjikidwa m'milu ingapo. Palibe lamulo loti milu ikhale ingati kapena kuti mulu uliwonse ukhale ndi miyala ingati, ngakhale kuti nthawi zambiri anthu amasewera ndi milu itatu kapena inayi. Pa ulendo wake, wosewera amasankha mulu umodzi n'kutengapo miyala yochuluka mmene akufunira, kuyambira mwala umodzi mpaka mulu wonse. Saloledwa kutenga pa milu iwiri nthawi imodzi, ndipo saloledwa kudumpha ulendo wake. Pa kaseweredwe kodziwika bwino, amene watenga mwala wotsiriza ndiye wapambana. Palinso kaseweredwe kotembenuza, komwe wotenga mwala wotsiriza amagonja, ndipo kafotokozedwa m'munsimu.

Mu Nim mulibe mwayi ngati wa maere ndipo mulibe chobisika, pakuti osewera onse amaona miyala yonse. Masewera sangathere mofanana mphamvu, chifukwa miyala imachepa pa ulendo uliwonse mpaka itatha. N'chifukwa chake pa mkhalidwe uliwonse wa milu, mmodzi mwa osewera awiriwo amakhala kuti ali kale ndi njira yotsimikizika yopambanira, kaya akuidziwa kapena ayi.

Mkhalidwe wotetezeka

Mawu oti mkhalidwe akutanthauza kuchuluka kwa miyala pa mulu uliwonse pa nthawi ina ya masewera, mwachitsanzo 2, 4, 6. Mkhalidwe wotetezeka ndi umene wosewera amafuna kusiyira mnzake. Chitetezocho ndi cha amene wangosewera kumene, osati cha amene akuulandira.

Chitsanzo chosavuta ndi cha milu iwiri yofanana, monga 4 ndi 4. Wolandira mkhalidwewu akatenga miyala itatu pa mulu umodzi, mnzake amatenga itatu pa mulu winawo, n'kutsala 1 ndi 1. Akatenga mulu wonse, mnzake amatenga mulu wotsalawo n'kupambana. Chilichonse chimene wolandirayo angachite pa mulu umodzi, mnzake amachibwereza pa mulu winawo, ndipo mwala wotsiriza umagwera wobwerezayo. Choncho milu iwiri yofanana ndi mkhalidwe wotetezeka. Milu iwiri yosiyana, monga 4 ndi 7, si yotetezeka, chifukwa amene akusewera angotenga miyala itatu pa mulu wa 7 kuti ifanane.

Milu ikakhala itatu, kufananako sikuonekeranso msanga. Mkhalidwe wa 1, 2, 3 ndi wotetezeka ngakhale kuti palibe milu yofanana. Wolandira akatenga mulu wa 1, patsala 2 ndi 3, ndipo mnzake amasiya 2 ndi 2. Akatenga mulu wonse wa 2, mnzake amasiya 1 ndi 1. Akatenga mwala umodzi pa mulu wa 3, pamakhala 1, 2, 2, ndipo mnzake amangochotsa mulu wa 1. Njira zonse zisanu ndi imodzi zomwe wolandira ali nazo zimathera pa milu iwiri yofanana. Kuyesa njira iliyonse chonchi n'kotheka miyala ikakhala yochepa, koma ikachuluka ntchitoyo imakula kwambiri. Manambala a bainale amaonetsa kufanana kobisikako popanda kuyesa njira zonse.

Mitolo ndi manambala a bainale

Nambala iliyonse ingagawidwe m'mitolo ya 1, 2, 4, 8, 16 ndi kupitirira, pomwe mtolo uliwonse ndi wowirikiza kawiri wam'mbuyo mwake. Ngati mtolo uliwonse ugwiritsidwa ntchito kosaposa kamodzi, pali njira imodzi yokha yogawira nambala. Munthu amayamba ndi mtolo waukulu umene ungakwane, kenako amagawa zotsalazo chimodzimodzi. Pa 13, mtolo waukulu ndi 8, ndipo patsala 5. Pa 5 pakwana 4, patsala 1. Choncho 13 ndi 8 + 4 + 1.

Kulemba nambala mu bainale ndi kungosonyeza mitolo yomwe ilipo. Mtolo uliwonse uli ndi danga lake, kuyambira waukulu kumanzere mpaka wa 1 kumanja. Mtolo ukakhalapo amalemba 1, ukasowa amalemba 0. Motero 13 imalembedwa 1101, kutanthauza kuti 8 alipo, 4 alipo, 2 palibe, 1 alipo. Nayo 6, yomwe ndi 4 + 2, imalembedwa 0110.

Lamulo la Bouton likuti mkhalidwe ndi wotetezeka ngati mitolo yonse ya pa milu yonse ingaikidwe iwiriiwiri, 8 ndi 8 mnzake, 4 ndi 4 mnzake, popanda wotsala wokha. Pa 1, 2, 3, mulu wa 3 ndi 2 + 1. Mtolo wa 2 umapezeka kawiri ndipo wa 1 umapezekanso kawiri, choncho palibe wotsala. Milu iwiri yofanana imangotsatira lamulo lomweli, popeza ili ndi mitolo yofanana ndendende.

Chiphatikizo cha Nim

Pofuna kuona mitolo yotsala yokha, manambala amalembedwa mondandalika, ina pansi pa inzake, ndipo munthu amawerenga ma 1 a m'danga lililonse. Akakhala ogawika ndi 2, kuphatikizapo pamene mulibe 1 aliyense, pansi pake amalemba 0. Akakhala osagawika ndi 2, amalemba 1. Nambala yotuluka pansipo imatchedwa chiphatikizo cha Nim, ndipo chizindikiro chake m'mabuku a masamu ndi ⊕. Kwa milu ya 6, 9 ndi 12 zimakhala motere:

```
      8 4 2 1
 6 =  0 1 1 0
 9 =  1 0 0 1
12 =  1 1 0 0
      -------
      0 0 1 1  = 3
```

Mtolo wa 8 uli pa milu iwiri, wa 4 ulinso pa milu iwiri, koma wa 2 ndi wa 1 alibe anzawo. Chiphatikizo ndi 3, choncho mkhalidwewu si wotetezeka, ndipo woyamba kusewera ndi amene ali pabwino.

Kuphatikiza kumeneku kumasiyana ndi kwa masiku onse pa chinthu chimodzi. Pa masamu wamba a bainale, 1 + 1 amapereka 0 n'kusamutsira 1 ku danga lotsatira. Pa chiphatikizo cha Nim palibe chosamutsa, ndipo danga lililonse limadziimira palokha. N'chifukwa chake 1 ⊕ 1 = 0, 5 ⊕ 5 = 0, ndipo 3 ⊕ 5 = 6 osati 8. Zilibe kanthu kuti munthu wayambira mulu uti, yankho limakhala lomwelo.

Kupeza mulu woyenera ndi miyala yotenga

Chiphatikizo chikakhala chosiyana ndi 0, pali masitepe atatu.

Choyamba, wosewera amayang'ana 1 wa kumanzere kwenikweni m'chiphatikizocho, ndiye kuti mtolo waukulu mwa mitolo yopanda anzake. Pa chitsanzo cha 6, 9, 12 umenewu ndi mtolo wa 2.

Chachiwiri, amasankha mulu womwe uli ndi mtolo umenewo. Pa chitsanzochi ndi mulu wa 6 wokha, chifukwa 9 ndi 12 ali ndi 0 m'danga la 2.

Chachitatu, amasintha madijiti a muluwo m'madanga onse momwe chiphatikizo chili ndi 1. Pomwe panali 1 amaikapo 0, pomwe panali 0 amaikapo 1, ndipo madanga ena sawakhudza. Nambala yatsopanoyo ndi miyala yoyenera kutsala pa muluwo.

```
 6 =  0 1 1 0
 3 =  0 0 1 1
      -------
      0 1 0 1  = 5
```

Pa mulu wa 6 payenera kutsala miyala 5, choncho wosewera atenga mwala umodzi wokha. Kunena ndi mitolo, wamasula mtolo wa 2 womwe unalibe unzake, watengapo mwala umodzi, ndipo mwala wotsalawo wasanduka mtolo wa 1 wopita kukakhala ndi 1 wa pa mulu wa 9. Milu yatsala 5, 9, 12, ndipo 5 ⊕ 9 = 12, kusonyeza kuti chiphatikizo cha milu yonse itatu ndi 0.

Pali njira yachidule yopezera yankho lomweli. Wosewera amasiya kaye mulu umodzi n'kupeza chiphatikizo cha milu inayo. Yankho likakhala lochepa kuposa mulu womwe anausiyawo, amauchepetsa kufika pa nambala imeneyo. Pa 6, 9, 12, chiphatikizo cha 9 ndi 12 ndi 5, yomwe ndi yochepa kuposa 6. Chiphatikizo cha 6 ndi 12 ndi 10, yomwe ikuposa 9, ndipo cha 6 ndi 9 ndi 15, yomwe ikuposa 12. Popeza mulu sungawonjezedwe, milu iwiri imeneyi singathandize.

Masewera athunthu kuyambira pa 6, 9, 12

Woyamba atenga mwala umodzi pa mulu wa 6, monga taonera, n'kusiya 5, 9, 12.

Wachiwiri atenga miyala iwiri pa mulu wa 12, patsala 5, 9, 10. M'mitolo, 5 ndi 4 + 1, 9 ndi 8 + 1, ndipo 10 ndi 8 + 2. Ma 8 ali awiri, ma 1 ali awiri, koma 4 ndi 2 ali okhaokha, choncho chiphatikizo ndi 6. Mtolo waukulu wopanda unzake ndi 4, ndipo uli pa mulu wa 5. Popeza 5 ⊕ 6 = 3, woyamba atenga miyala iwiri pamenepo n'kusiya 3, 9, 10. Apa pali phunziro: wachiwiri anasewera pa mulu wina, koma yankho lapezeka pa mulu wosiyana nawo, ndipo ndi mulu wochepetsetsa.

Wachiwiri atenga miyala isanu pa mulu wa 9, patsala 3, 4, 10. Tsopano mtolo wa 8 watsala pa mulu wa 10 wokha, ndiye muluwo ndi woyenera kuchepetsedwa. Chiphatikizo cha 3 ndi 4 ndi 7, choncho woyamba atenga miyala itatu n'kusiya 3, 4, 7.

Wachiwiri atenga miyala isanu pa mulu wa 7, patsala 3, 4, 2. Mtolo wa 4 watsala wokha. Chiphatikizo cha 3 ndi 2 ndi 1, ndiye woyamba atenga miyala itatu pa mulu wa 4 n'kusiya 3, 1, 2, womwe ndi mkhalidwe wa 1, 2, 3 uja.

Wachiwiri atenga mulu wonse wa 3. Woyamba atenga mwala umodzi pa mulu wa 2 n'kusiya 1 ndi 1. Wachiwiri alibenso chosankha, atenga umodzi, ndipo woyamba atenga wotsiriza. M'masewera onsewa wachiwiri sanalandirepo mkhalidwe womwe akanatha kuusandutsa wotetezeka.

Chifukwa chake njirayi imagwira ntchito

Umboni wa Bouton wagona pa mfundo zitatu.

Yoyamba ndi yakuti pamene miyala yonse yatha, chiphatikizo ndi 0. Choncho wopambana ndi amene wasiya 0 komaliza.

Yachiwiri ndi yakuti munthu amene walandira 0 sangasiyenso 0. Iye amasintha mulu umodzi wokha, ndipo popeza nambala iliyonse ili ndi kagawidwe kake ka mitolo, mulu wochepetsedwawo umasintha dijiti m'danga limodzi kapena angapo. M'danga lomwe dijiti yasintha, chiwerengero cha ma 1 chimakwera kapena kutsika ndi mmodzi, ndipo chomwe chinali chogawika ndi 2 chimasiya kugawika. Kuti akonze zimenezi akanafunika kugwira mulu wachiwiri, zomwe malamulo salola.

Yachitatu ndi yakuti munthu amene walandira nambala yosiyana ndi 0 amatha nthawi zonse kusiya 0. Danga lomwe lili ndi 1 wa kumanzere kwenikweni m'chiphatikizo lili ndi ma 1 osagawika ndi 2, ndiye kuti pali mulu umodzi kapena kuposerapo wokhala ndi mtolo umenewo. Mtolowo ukachotsedwa, mulu umachepa ndithu, ngakhale madanga onse a kumanja atasintha kuchoka pa 0 kufika pa 1. Zili choncho chifukwa mtolo uliwonse umaposa mitolo yonse yaing'ono itaphatikizidwa pamodzi: 8 amaposa 4 + 2 + 1, yomwe ndi 7. Motero kusinthako nthawi zonse kumakhala kutenga miyala, osati kuwonjezera.

Mfundozi zikaikidwa pamodzi, wosewera amene wasiya 0 kamodzi amatha kusiya 0 pa ulendo wake uliwonse, pomwe mnzake sangathe. Popeza miyala ikucheperachepera, 0 womaliza, wa pamene palibe mwala, amasiyidwa ndi yemweyo.

Mikhalidwe yofunika kuloweza

Milu iwiri ikadziwika, pali chiwerengero chimodzi chokha cha mulu wachitatu chomwe chingapange mkhalidwe wotetezeka. N'chifukwa chake mikhalidwe yotetezeka ndi yochepa. Milu itatu ikakhala ndi miyala kuyambira 0 mpaka 7, pali njira 512 zoisanjira, ndipo 64 zokha ndi zotetezeka, ndiye kuti imodzi mwa zisanu ndi zitatu zilizonse. Milu ikangounjikidwa mosawerenga, kawirikawiri woyamba kusewera ndi amene amakhala pabwino.

Kupatula milu iwiri yofanana, mikhalidwe yotetezeka ya milu itatu yosaposa miyala 7 ilipo isanu ndi iwiri:

```
1 2 3    1 4 5    1 6 7    2 4 6
2 5 7    3 4 7    3 5 6
```

Munthu woloweza imeneyi amatha kusewera mathero a masewera ambiri popanda kuwerengera. Mulu wa mwala umodzi umayenda ndi nambala yogawika ndi 2 pamodzi ndi yotsatira yake, monga 1, 8, 9 kapena 1, 10, 11. Pa milu inayi, awiri ofanana ndi awiri ena ofanana, monga 2, 2, 7, 7, ndi otetezeka, komanso 1, 3, 5, 7. Milu iwiri yofanana ingathe kunyalanyazidwa powerengera, chifukwa chiphatikizo chake ndi 0.

Nthawi zina njira zopambanira zimakhala zingapo. Pa 3, 5, 7 chiphatikizo ndi 1, ndipo milu yonse itatu ili ndi mtolo wa 1. Kutenga mwala umodzi pa mulu uliwonse kumapereka 2, 5, 7 kapena 3, 4, 7 kapena 3, 5, 6, ndipo yonse ili pa mndandanda uja. Njira zopambanira zimakhala zochuluka mofanana ndi milu yokhala ndi mtolo waukulu wopanda unzake.

Zolakwa zofala

Cholakwa chodziwika kwambiri ndi kuganiza kuti chiphatikizo cha Nim ndi chiwerengero cha miyala yoyenera kutenga. Nthawi zina zimafanana, monga pa 3, 5, 7, koma osati nthawi zonse. Pa 6, 9, 12 chiphatikizo chinali 3, koma mwala woyenera kutenga unali umodzi. Wotenga itatu pa mulu wa 6 amasiya 3, 9, 12, womwe chiphatikizo chake ndi 6, ndipo mnzake amangochepetsa mulu wa 12 kufika pa 10 n'kulanda masewera.

Cholakwa china ndi kuthamangira mulu waukulu. Mulu woyenera ndi wokhala ndi mtolo waukulu wopanda unzake, ndipo ungathe kukhala wochepetsetsa.

Ena amaganiza kuti mkhalidwe ndi wotetezeka pamene milu iwiri yaing'ono itaphatikizidwa ikufanana ndi waukulu, chifukwa zili choncho pa 1, 2, 3 ndi pa 3, 4, 7. Izi zimachitika pokhapokha milu iwiriyo ilibe mtolo wofanana. Mkhalidwe wa 3, 5, 8 si wotetezeka, pomwe 3, 5, 6 ndi wotetezeka.

Pali njira ziwiri zachangu zodziwira ngati kuwerengera kwasokonekera. Pa mkhalidwe wotetezeka, miyala yonse pamodzi imagawika ndi 2, popeza mitolo yonse ili iwiriiwiri. Wosewera akasiya miyala 21, walakwitsa ndithu. Komabe kugawika ndi 2 pakokha sikukwanira, pakuti 3, 4, 5 ali ndi miyala 12 koma chiphatikizo chake ndi 2. Njira yachiwiri ndi yakuti mulu waukulu suyenera kuposa milu inayo itaphatikizidwa pamodzi. Ukaposa, mkhalidwewo si wotetezeka.

Wosewera amene walandira mkhalidwe wotetezeka alibe njira yopambanira ngati mnzake akudziwa lamuloli. Chomwe angachite ndi kutenga mwala umodzi pa mulu waukulu kuti masewera atalike, poyembekezera kuti mnzakeyo alakwitsa kuwerengera. Akalakwitsa kamodzi kokha, mwayi wonse umatembenuka.

Kaseweredwe kotembenuza

Pamene wotenga mwala wotsiriza ndiye wogonja, njira imakhala yomweyi mpaka chakumapeto. Wosewera amasiyabe 0 malinga ngati patsala milu iwiri kapena kuposerapo yokhala ndi miyala yoposa umodzi. Kusintha kumabwera pamene walandira mkhalidwe womwe mulu umodzi wokha ndi umene uli ndi miyala iwiri kapena kuposerapo. Apa amachepetsa muluwo kufika pa 1 kapena 0, kuti chiwerengero cha milu ya mwala umodzi umodzi chikhale chosagawika ndi 2.

Pa 1, 1, 4, wosewera mwa nthawi zonse amatenga mulu wonse wa 4 n'kusiya 1, 1. Pa kaseweredwe kotembenuza amatenga miyala itatu n'kusiya 1, 1, 1, ndipo mnzake ndi amene adzatenge woyamba ndi wotsiriza. M'masewera a 6, 9, 12 aja, woyamba akanasewera chimodzimodzi mpaka pa 1 ndi 2, kenako akanatenga mulu wonse wa 2.

Mwayi wosintha umenewu umagwera nthawi zonse amene wakhala akusiya 0. Mkhalidwe wokhala ndi mulu umodzi wokha woposa mwala umodzi sungakhale ndi chiphatikizo cha 0, chifukwa mtolo wake waukulu ulibe unzake. Choncho amene amaupanga ndi wolandira 0, ndipo amene amaulandira ndi mwini njira yopambanira.

Malire a njirayi

Lamulo la Bouton limadalira ufulu wotenga miyala ingati iliyonse pa mulu umodzi. Malamulo akasintha, kawerengedwe kamasinthanso. Ngati wosewera aloledwa kutenga mwala umodzi kapena iwiri basi, mulu uliwonse umayamba wagawidwa ndi 3, ndipo chiphatikizo cha Nim chimapezedwa pa zotsalazo. Mkhalidwe wa 1, 2, 3 umawerengedwa ngati 1, 2, 0, ndipo si wotetezekanso: woulandira amatenga mwala umodzi pa mulu wa 2 n'kusiya 1, 1, 3. Malire akakhala miyala itatu, milu imagawidwa ndi 4. Mu 1910 E. H. Moore anafotokoza mtundu wina womwe wosewera amaloledwa kutenga pa milu ingapo nthawi imodzi. Ngati aloledwa kugwira milu yosaposa iwiri, ma 1 a m'danga lililonse ayenera kugawika ndi 3 m'malo mwa 2.

Roland Sprague mu 1935 ndi Patrick Grundy mu 1939, aliyense payekha, anaonetsa kuti Nim ndi maziko a gulu lonse la masewera. Awa ndi masewera a anthu awiri omwe ayenera kutha, opanda maere kapena chobisika, momwe osewera onse ali ndi njira zofanana pa mkhalidwe uliwonse ndipo wosowa chochita amagonja. Pa masewera otere, mkhalidwe uliwonse umafanana mphamvu ndi mulu umodzi wa Nim. Masewera monga tchesi ndi bawo sali m'gululi, chifukwa wosewera aliyense ali ndi mbali yake ndipo amasuntha zake zokha. Komanso kuphweka kwa kaseweredwe kotembenuza n'kwa Nim makamaka. Pa masewera ena ambiri a m'gululi, kutembenuza lamulo la wotsiriza kumavutitsa kwambiri kawerengedwe.

Mbiri ndi makina

Charles L. Bouton, yemwe anabadwa mu 1869 n'kumwalira mu 1922, anafalitsa umboni wake m'magazini ya masamu ya Annals of Mathematics, ndipo ndi iye anapatsa masewerawa dzina loti Nim. Anthu ambiri amaganiza kuti dzinali linachokera ku mawu a Chijeremani otanthauza kuti "tenga". M'nkhani yomweyo anafotokozanso kaseweredwe kotembenuza.

Popeza njirayi imangofuna ma 0 ndi ma 1, Nim anali amodzi mwa masewera oyambirira kuseweredwa ndi makina. Mu 1940 kampani ya Westinghouse inaonetsa makina otchedwa Nimatron pa chionetsero cha dziko lonse ku New York, ndipo mmodzi mwa omwe anawakonza anali wasayansi Edward Condon. Mu 1951 kampani ya Ferranti inapanga kompyuta yotchedwa Nimrod yoti ionetsedwe pa Festival of Britain ku London, ndipo chaka chomwecho inakaonetsedwanso ku Berlin. Filimu ya Chifalansa ya mu 1961 ya Alain Resnais, L'Année dernière à Marienbad, inatchukitsa kaseweredwe kotembenuza ka mizere ya 1, 3, 5, 7. Mkhalidwe umenewu ndi wotetezeka pa kaseweredwe konse kuwiri, choncho woyamba kusewera amagonja ngati mnzake salakwitsa.

Pa makompyuta, chiphatikizo cha Nim chimatchedwa XOR, ndipo m'zilankhulo monga Python, C ndi Java chimalembedwa ndi chizindikiro cha ^. Mizere iyi ya Python imapeza njira zonse zopambanira pa 6, 9, 12:

```python
milu = [6, 9, 12]
s = 0
for m in milu:
    s ^= m
for m in milu:
    if (m ^ s) < m:
        print(m, m ^ s)
```

Pulogalamuyi imatulutsa 6 ndi 5, kutanthauza kuti mulu wa 6 uchepetsedwe kufika pa 5. Milu ikakhala kale pa mkhalidwe wotetezeka, monga 1, 3, 5, 7, pulogalamuyi situlutsa kanthu.